Mapiritsi a tiyi wobiriwira ndi tiyi wa mu kapu: mafunso ndi mayankho okhudza kuchepetsa thupi ndi chiwindi

Mabotolo a makapisozi a tiyi wobiriwira, amene ambiri amangoti girini tii, afika kale ku Chipata. Ena akupezeka m'mashopu a m'tauni, ena amabwera m'zikwama kuchokera ku Lusaka kapena kudutsa pa Mwami, ndipo ambiri akugulitsidwa pa WhatsApp limodzi ndi zithunzi za mimba yomwe akuti yaphwa. Pansipa tayankha mafunso amene anthu amafunsa akagwira botolo lotere m'manja.

Si tsamba limodzi lomwelo? Piritsi likusiyana pati ndi tiyi wa mu kapu?

Tsamba ndi lomwelo ndithu. Tiyi wakuda amene timamwa m'mawa ndi tiyi wobiriwira onse amachokera ku chitsamba chimodzi, Camellia sinensis, chomwe chimalimidwa ku Kawambwa ndi ku Thyolo. Masamba a tiyi wobiriwira amawatenthetsa msanga akangothyoledwa kuti asade, ndiye amasunga michere ina yotchedwa makatekini. Wamkulu mwa makatekiniwa ndi uja mumamuona pabotolo atalembedwa kuti EGCG. Nkhani yonse ya kuchepetsa thupi ndi ya chiwindi yagona pa iyeyu.

Kusiyana kuli pa kuchuluka ndi pa liwiro. Kapu imodzi ya tiyi wofulidwa bwino imakhala ndi mamiligalamu a EGCG pafupifupi 50 mpaka 100. Mumamwa pang'onopang'ono, wasungunuka m'madzi ambiri, nthawi zambiri pali kanthu kena m'mimba. Ndipo mimba yomwe imakuletsani: ndi anthu ochepa amene angamalize makapu khumi pa nthawi imodzi.

Ku fakitale amachita zina. Amaviika masamba ambiri m'madzi kapena m'mankhwala osungunulira onga mowa, n'kuumitsa madziwo mpaka kutsala ufa wokhathamira. Kapisozi mmodzi akhoza kunyamula EGCG wofanana ndi makapu atatu, anayi kapena kuposa, ndipo amalowa yense ndi mkamwa umodzi wa madzi. Zambiri zotengedwa m'matumbo zimayamba zadutsa ku chiwindi, choncho ndi chiwindi chimene chimalandira katundu yenseyo pa kamphindi kamodzi.

Nanga mapiritsiwa amachepetsadi thupi?

Pang'ono kwambiri, mwinanso ayi. Mu 2012 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku wa anthu onenepa amene anamwa zopangidwa ndi tiyi wobiriwira kwa milungu 12 kapena kuposa, n'kuwayerekeza ndi amene anamwa mapiritsi opanda kanthu. Pa kafukufuku wochitidwa kunja kwa Japan, kusiyana kwa magulu awiriwa kunali magalamu 40 okha. Magalamu, osati makilogalamu. Ku Japan zotsatira zinali zosiyanasiyana, kuyambira magalamu 200 mpaka makilogalamu atatu ndi theka, koma pomaliza owunikawo anati kutsikako n'kochepa moti sikungasinthe thanzi la munthu.

Mawu oti tiyiyu "amawotcha mafuta" ali ndi pomwe anachokera. Mu 1999 kafukufuku wa amuna khumi anapeza kuti EGCG wophatikiza ndi kafini anakweza mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito pa tsiku ndi magawo 4 pa 100, omwe ndi makalori pafupifupi 80. Makalori 80 ndi masipuni aang'ono asanu a shuga. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Ngakhale zonse zitayenda bwino, mungafunike miyezi itatu kuti mutaye kilogalamu imodzi, ndipo chitumbuwa chimodzi chowonjezera pa tsiku chingafafanize phindu lonselo. Komanso munthu wozolowera khofi kapena tiyi wambiri thupi lake silitekeseka kwenikweni ndi kafini.

Koma mnzanga anatsika makilogalamu asanu ndi mapiritsi omwewa.

Sitikana kuti anatsika. Mufunseni zina zimene anasintha mwezi umenewo. Munthu amene walipira ndalama zambiri pa botolo amayambanso kuchepetsa mitanda ya nsima, kusiya zakumwa zotsekemera ndi kuyenda wapansi. Botolo limodzi la theka la lita la chakumwa cha shuga lili ndi makalori opitirira 200. Kungolisiya kokha kumaposa kawiri zimene piritsi lingachite.

Palinso zifukwa ziwiri zosasangalatsa. Zina mwa zinthu zochepetsa thupi amaikamo mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa, ndiye sikelo imatsika chifukwa cha madzi, osati mafuta. Zina zapezekapo m'mayiko osiyanasiyana zili ndi sibutiramini wobisika, mankhwala ochepetsa njala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa cha matenda a mtima ndi sitiroko. Chachiwiri n'chakuti chiwindi chikayamba kutupa, munthu amasiya kufuna chakudya, nayenso amatsika.

Nkhani ya chiwindiyi ndi yoona, kapena n'kungoopseza anthu?

Ndi yoona, ngakhale sichitika kawirikawiri. Mu 2003 mayiko a France ndi Spain anachotsa pamsika mankhwala ochepetsa thupi otchedwa Exolise, opangidwa ndi tiyi wobiriwira wokhathamira, anthu angapo atadwala chiwindi. Ku Minnesota, ku America, amayi opitirira 1,000 osiya kusamba anagawidwa pawiri: ena ankamwa mamiligalamu 843 a EGCG tsiku lililonse kwa chaka, ena mapiritsi opanda kanthu. Mwa omwa EGCG, pafupifupi 7 pa 100 aliwonse magazi awo anaonetsa kuti chiwindi chikukhudzidwa; mwa enawo sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100. Ambiri mwa amayiwa sankamva chilichonse m'thupi, ndipo manambala a m'magazi osonyeza kukhudzidwa kwa chiwindi ankatsika akasiya kumwa.

Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linawunika umboni wonse. Linapeza kuti tiyi wofulidwa mwa nthawi zonse alibe vuto kwa anthu ambiri, koma mapiritsi a mamiligalamu 800 a EGCG pa tsiku kapena kuposa amakweza manambala a chiwindi. Silinathe kutchula mlingo wa mapiritsi umene linganene kuti ndi wotetezeka kwa aliyense. Potsatira zimenezi, lamulo la ku Ulaya la 2022 limafuna kuti mlingo wa pa tsiku ukhale pansi pa 800, ndiponso kuti botolo lichenjeze kuti asamwedwe m'mimba muli mopanda kanthu, asamwe amayi oyembekezera kapena oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 18.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kukwera pang'ono kwa manambala a m'magazi kumachitikira anthu ambiri ndithu pa mlingo waukulu. Kudwala kwenikweni, kwa chikasu ndi kugonekedwa m'chipatala, n'kosowa. Koma kukachitika si kwamasewera. Pa odwala 40 amene madokotala a ku America anawalemba mu 2021, ambiri anali ndi chikasu ndipo atatu anafunika kuikidwa chiwindi china. Kuno kwathu opaleshoni imeneyo si chinthu choti munthu angachiwerengere.

Chifukwa chiyani wina amadwala, wina amamwa chaka chonse osamva kanthu?

Mbali ina ndi mlingo. Mbali ina ndi kumwa m'mimba mulibe kanthu: kafukufuku anapeza kuti EGCG amakwera m'magazi kuposa katatu munthu akamwa asanadye. Apa ndi pamene nkhaniyi imatiwawa, chifukwa wofuna kuchepetsa thupi ndi yemwenso amadumpha kadzutsa, ndipo ogulitsa ambiri amalangiza kuti "imwani m'mawa musanadye kanthu kuti agwire bwino ntchito." Langizo limenelo ndi lomwe limachulukitsa ngozi.

Mbali yachitatu ndi chibadwa. Mwa odwala 40 aja, 72 pa 100 anali ndi chizindikiro cha chitetezo cha m'thupi chotchedwa HLA-B*35:01, pamene mwa anthu wamba a kumeneko chimapezeka mwa 11 pa 100. Zikuoneka kuti mwa anthu otere chitetezo cha thupi chimatembenukira chiwindi chawo chomwe. Simungadziwe poyang'ana pagalasi ngati muli nacho, ndipo sichipimidwa ku kiliniki. N'chifukwa chake mawu oti "ine ndamwa osadwala" sakuuzani chilichonse za thupi lanu, ndipo mlingo wochepera 800 sutsimikizira kuti mwapulumuka.

Ndingawerenge bwanji botolo kuti ndidziwe zomwe ndikumwa?

Nambala yaikulu ya kutsogolo kwa botolo ndi kulemera kwa ufa wonse, si EGCG. Tembenuzani botolo. Tiyerekeze kuti lalembedwa kuti kapisozi mmodzi ndi 500 mg, ndipo pansi pake pali manambala atatu a pa 100: 98, 75 ndi 50. Woyamba amakhala wa mapolifeno onse, gulu lalikulu la michere lomwe makatekini ndi mbali yake, wachiwiri wa makatekini, wotsiriza wa EGCG. Wofunika ndi wotsirizayo. Theka la 500 ndi 250, ndiye kapisozi aliyense ali ndi mamiligalamu 250 a EGCG.

Tsopano werengani amene mukumwa pa tsiku. Awiri m'mawa ndi awiri madzulo ndi anayi, kutanthauza mamiligalamu 1,000. Mwadutsa kale 800, musanawerengere makapu a tiyi amene mukumwa pambali kapena khofi "wochepetsa mimba" amene mwina nayenso ali ndi ufa womwewo. Onaninso ngati manambala a pabotolo ndi a kapisozi mmodzi kapena a awiri, chifukwa mabotolo ena amawerengera awiri ngati mlingo umodzi.

Botolo limene silitchula kuchuluka kwa EGCG, kapena limene laphatikiza zitsamba zisanu pansi pa nambala imodzi, silingawerengeke. Makapisozi ogulitsidwa m'kapepala kapulasitiki kopanda dzina la wopanga, nambala ya gulu ndi tsiku lothera, musawagule. Ndipo ngakhale zolembedwa zili zonse, kupima kwa m'malabotale kwaonetsapo kangapo kuti za m'kati sizifanana nthawi zonse ndi za pa chikuto.

Zizindikiro zake ndi zotani, ndipo zimayamba liti?

Sizibwera tsiku loyamba. Mwa odwala aja, zinayamba pakati pa milungu iwiri ndi chaka choposa, koma theka la iwo anali atadwala pofika masiku 72. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumapangitsa anthu kusaganizira botolo.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, chosonyeza mmene zimayendera nthawi zambiri. Mayi wa zaka 38 wogulitsa salaula ku Kapata, wolemera makilogalamu 84, wayamba makapisozi aja a 250, awiri asanatuluke m'nyumba m'mawa ndi awiri asanagone. Mwezi woyamba palibe chachilendo. Mlungu wachisanu ndi chiwiri akutopa msanga, mseru ukubwerabwera, fungo la mafuta okazingira likumunyansa, ndipo nsima akungoitsina kawiri n'kusamba m'manja. Sikelo yatsika makilogalamu atatu, iye akusangalala kuti mankhwala agwira. Mlungu wachisanu ndi chinayi mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka ngakhale akumwa madzi ambiri, ndipo pansi pa nthiti za kumanja pakulemera. Mwana wake ndiye akuona masana panja kuti, "Amayi, maso anu achita chikasu."

Ku kiliniki ayeza malungo, sanapezeke. Apa ndi pamene njira imasiyana. Mayiyu akapanda kutchula makapisozi, poganiza kuti si mankhwala koma tiyi chabe, akhoza kubwerera kunyumba ndi panado n'kupitiriza kumwa chomwe chikumudwalitsa. Akatulutsa botolo m'chikwama, adokotala adzalemba magazi a chiwindi. Nambala ya ALT, yomwe imakwera chiwindi chikamapwetekeka ndipo mwa munthu wabwino imakhala pansi pa 40 kapena chapompo, mwa odwala otere imatha kupitirira 1,000. Adzayezanso bilirubini, chomwe chimabweretsa chikasu, ndi kuundana kwa magazi, kenako matenda a hepataitisi A, B ndi C, mwinanso kujambula pamimba kuti aone ngati njira ya ndulu yatsekeka. Palibe kupima kumodzi konena kuti ndi tiyi wobiriwira. Amadziwa pochotsa zifukwa zina, poona masiku amene munthu anayamba kumwa, ndiponso poona manambala akutsika akasiya. Ambiri amachira pakati pa mwezi umodzi ndi itatu.

Pa khungu lakuda chikasu sichioneka msanga. Yang'anani choyera cha m'maso pa kuwala kwa dzuwa, osati pa getsi la m'nyumba, ndipo yang'anirani mkodzo, umene nthawi zambiri umada maso asanasinthe. Chimbudzi chotuwa ndi kuyabwa thupi lonse popanda zotupa ndi zizindikironso.

Ndaona zizindikiro zimenezi. Ndichite chiyani lero?

Siyani makapisoziwo pompano. Palibe chifukwa chochepetsa pang'onopang'ono. Pitani ku chipatala lero lomwe, mutanyamula botolo ndi china chilichonse chimene mukumwa, kuphatikizapo mankhwala azitsamba. Nenani tsiku limene munayamba ndi kuchuluka kwake pa tsiku, ndipo funsani ngati angayeze magazi a chiwindi. Ngati kiliniki ya kwanuko ilibe makina, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete.

Musamwe mowa wa mtundu uliwonse, musamwe panado popanda kuuzidwa ndi adokotala, ndipo musafune mankhwala ena "otsuka chiwindi." Ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, musawasiye mwa nokha, amene amakupatsani ndi amene angasankhe choyimitsa. Wodwala chikasu akayamba kusokonezeka mutu, kugona masana osadzutsika bwino, kusanza kosalekeza kapena kutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno, musadikire kuti kuche.

Mukachira, musadzayesenso ngakhale kapisozi mmodzi, ngakhale wa kampani ina. Kachiwiri matendawa amabwerera msanga ndipo akhoza kukula kuposa poyamba. Auzeninso achipatala kuti alembe lipoti ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Zambia, chifukwa ndi malipoti otere amene amachititsa kuti chinthu choipa chichotsedwe pamsika.

Ndani asayandikire n'komwe mapiritsiwa?

Aliyense amene chiwindi chake chili kale ndi ntchito yolemera. Kuno kum'mawa gulu limeneli ndi lalikulu kuposa mmene timaganizira. Hepataitisi B ndi wofala m'Zambia, ndipo ambiri amene ali naye sadziwa chifukwa sapweteka kwa zaka zambiri. Mankhwala atatu mwa anayi oyambira kuchiza TB amatha kupweteka chiwindi paokha, chimodzimodzinso aizoniazidi amene amaperekedwa poteteza TB. Ena mwa ma ARV nawonso amafuna kuti chiwindi chiziyang'aniridwa. Onjezani omwa kachasu kapena mowa wina tsiku ndi tsiku, ndi chuku cha mu nshawa ndi chimanga chosasungidwa bwino, chomwe poizoni wake amalunjika ku chiwindi. Sikuti zonsezi zimayambitsa vuto la tiyi wobiriwira, koma chiwindi chofooka kale sichipirira nkhonya yachiwiri, ndipo adokotala amavutika kudziwa chimene chalakwa, mpaka mwina kuyimitsa mankhwala amene mukuwafunadi.

Pali mfundo ina yobisika: anthu onenepa ambiri ali ndi mafuta m'chiwindi osadziwa, ndiye nawonso chiwindi chawo chili kale ndi ntchito yolemera. Amayi oyembekezera, oyamwitsa amene akufuna kubweza thupi la kale, ndi achinyamata osakwana zaka 18 asamwenso.

Ndiye tiyi wa mu kapu ndingamwe wochuluka bwanji, ndipo ndimufule bwanji?

Makapu awiri mpaka anayi pa tsiku ndi abwino kwa munthu wamkulu wathanzi. Kathumba kamodzi, kapena sipuni yaing'ono imodzi ya masamba, pafupifupi magalamu awiri, n'kokwanira pa kapu. Madzi akawira, aphuleni adikire mphindi zitatu kapena zisanu kuti atsike kufika pa madigiri 70 mpaka 80. Thirani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, chotsani masamba. Ambiri amene amati tiyi wobiriwira ndi wowawa amamuphika mu ketulo ngati tiyi wakuda, kapena amasiya kathumba mu fulasiki tsiku lonse. Akatero amathira shuga masipuni atatu kuti amwe, omwe ndi makalori pafupifupi 50 pa kapu. Phindu lenileni la tiyiyu pa kulemera kwa thupi limabwera pamene walowa m'malo mwa chakumwa chotsekemera.

Kapu iliyonse ili ndi kafini pafupifupi mamiligalamu 30, wochepa kuyerekeza ndi khofi, koma wokwanira kusowetsa tulo ena akamwa usiku. Mayi woyembekezera asapitirire mamiligalamu 200 a kafini pa tsiku kuchokera ku zakumwa zonse pamodzi. Tiyi, wobiriwira kaya wakuda, amachepetsanso ayironi amene thupi limatenga kuchokera ku nyemba ndi ndiwo zamasamba. Amene magazi awo ndi ochepa, kapena akumwa mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo, azisiya ola limodzi kapena awiri pakati pa chakudya kapena piritsi ndi tiyi. Omwa mankhwala a BP, a mtima kapena ochepetsa kuundana kwa magazi afunse wa ku famase, chifukwa tiyi wobiriwira amafooketsa ena mwa mankhwala amenewa.

Chenjezo limodzi: kuponya timatumba khumi mu poto n'kuwiritsa kuti mumwe m'mawa musanadye n'kudzipangira piritsi kunyumba. Chimodzimodzi macha, ufa wa masamba a tiyi wobiriwira, womwedwa ndi masipuni akuluakulu, popeza pamenepo mukumeza tsamba lonse.

Ndagula kale botolo, ndamwa milungu itatu ndipo ndili bwino. Ndimalize?

Ife tingati lekani. Milungu itatu sinafike pa nthawi imene ambiri amadwala, ndipo chimene mukuyembekezera kutaya ndi kilogalamu imodzi kapena kucheperapo. Ndalama zapita kale. Kumaliza botolo sikuzibweza. Mukasiya, yang'anirani mkodzo ndi maso kwa mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa zizindikiro zimatha kuoneka munthu atasiya kale.

Ngati mwatsimikiza mtima kupitiriza, ndipo simuli m'magulu amene tatchula aja, werengani EGCG wanu monga taonetsera, khalani kutali kwambiri ndi 800, imwani mutadya chakudya chenicheni, ndipo musaphatikize ndi china chilichonse chochepetsa thupi kapena mowa. Kayezetseni hepataitisi B ndi ALT tsopano, mubwerezenso ALT pakatha mwezi ndi theka. Ikapezeka itakwera kuposa malire olembedwa pa pepala la zotsatira, siyani ndipo muonetse pepalalo kwa adokotala. Makapisozi otsala musapatse mlamu kapena mwana wanu wamkazi. Kawasiyeni ku famase kuti akatayidwe.